Kung'ung'uza mu Nyimbo za Achimwene

Achimwene anga ankakonza mawailesi ku Chinamwali, m'kashopu ka chipinda chimodzi, pakati pa ometa tsitsi ndi mayi wina wosoka mayunifolomu a sukulu. Bambo atamwalira ndi iwowa amene anandilera, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa kuwotcherera mawaya ndisanadziwe n'komwe kuti mkazi angadye za ntchito imeneyi. Kenako ndinapita kukoleji ya zaluso, ndipo lero ndimakonza zipangizo za m'labotale m'tauni muno. Tinkati tikakumana, nkhani zathu zinkayamba ndi za kumudzi n'kuthera pa matiranzisita, mpaka alamu anga, akazi awo, ankangonyamuka n'kutisiya pakhonde.

Koma mtima wawo sunali pa mawailesi okha. Anali mphunzitsi wa kwaya ya mpingo wathu ku Sadzi, ndipo nyimbo zambiri zimene kwayayo inkaimba anapeka okha. Sankadziwa kulemba manotsi. Nyimbo inkawabwerera akuwotcherera, n'kuisunga m'mutu, Lachisanu n'kukaigawa: ili ndi liwu la asoparano, ili la aalito, ili la atenala, ili la abesi. Aliyense ankamva liwu lake kuchokera pakamwa pawo. Iwo eni anali tenala, mawu opyapyala koma ofika patali.

Chaka chimenecho anayamba kutsamwa akamadya nyama, kenako mbatata, kenako ngakhale mpunga. Kuchipatala chachikulu anawapima n'kutiuza kuti ndi khansa ya kummero. Tikutuluka pageti sanalankhule za matendawo. Anati, "Chemwali, nyimbo zija ndikufuna tizijambule. Zonse."

Ndinati, "Si anthu amajambula pafoni masiku ano, achimwene?"

"Wamvapo kwaya ya pafoni? Imamveka ngati anthu akuimbira m'ndowa. Abesi amasowa. Ndikufuna kuti wina akadzafuna kuphunzira liwu lake, adzalimve."

Anali ndi mikisa yakale, makina osakanizira mawu, imene anagula kwa munthu wa zoimbira m'maukwati, ndi maikolofoni abwino ndithu. Mikisayo inabwera yopanda chopatsira magetsi chake. Inkafuna mavolti 15 osagwedezeka, ndipo inkakoka theka la ampeya. Achimwene anapanga okha chopatsiracho m'kabokosi ka chitsulo: thiransifoma yotsitsa magetsi a pakhoma kufika pa mavolti 15, madayodi anayi owongola magetsiwo kuti aziyenda mbali imodzi, kapasita yosalaza, kenako reguleta. Reguletayo sanagule yopangidwa kale. Anaimanga ndi tiranzisita yaikulu imene magetsi onse opita kumikisa amadutsamo, ina yaing'ono yoikankha, ndi kadera koyang'anira zotuluka. Zotuluka zikafuna kukwera, tiranzisita yaikulu imafinya njira; zikafuna kutsika, imatsegula. Mavolti otsala amathera mu tiranzisitayo n'kusanduka kutentha. Ankanyadira nako kabokosiko. Anakapaka penti yobiriwira.

Kwaya yathu ndi ya anthu ogwira ntchito. Muli amayi ogulitsa mabulosi ndi mapichesi pamsewu wokwera phiri, muli abambo ocheka matabwa m'nkhalango ya paini, akabaza, aphunzitsi. Onse amapezeka dzuwa likapendeka. Choncho tinakumana m'tchalitchi chamadzulo, ine ndili pa laputopu nditavala mahedifoni, achimwene ali kutsogolo. Tsiku limenelo mawu awo anali bwinobwino. Anaimba nawo nyimbo zingapo, thukuta lili kamukamu, akuseka aalito akalowa mochedwa.

Ine ndinali nditalimva kale vutolo m'mahedifoni, koma ndinkayembekeza kuti mwina ndi makutu anga. Titamaliza ndinawapatsa kuti amve. Pansi pa nyimbo zonse panali kung'ung'uza, kokhuthala, kosalekeza, ngati firiji yakale ili m'chipinda choyandikana. Kwaya ikakweza mawu kunkabisala, ikafika pofatsa kunkatulukira.

Anavula mahedifoni n'kunena kuti, "Fufuta."

"Achimwene, tisunge kaye."

"Fufuta. Tijambulanso Lachisanu."

Ndinafufuta. Panthawiyo zinkaoneka zanzeru kwa tonse awiri. Lachisanu silinali kutali.

M'mawa mwake ndinadutsira kushopu ndisanapite kuntchito. Ndinawapeza atatsegula kale kabokosi kaja. Anali atachotsa thiransifoma m'njira n'kulumikiza reguleta ku makina awo a pabenchi, otulutsa magetsi osalala amene munthu amakweza ndi kutsitsa mmene afunira.

"Tiyambe ndi layini reguleshoni," anatero. Uku ndi kuyesa kuti zotuluka zimasuntha bwanji magetsi olowa akasintha. Anaika katundu, ndiye kuti chodya magetsi, wokoka theka la ampeya, n'kupereka mavolti 18. Mita inaonetsa 14.97. Anakweza mpaka 22. Mita inaonetsa 14.99.

"Werengera," anatero, ngati ndikadali mwana wa sukulu.

"Zolowa zasintha ndi mavolti anayi, zotuluka ndi 0.02. Tikagawa 0.02 ndi 4 tikupeza 0.005. Theka la peresenti. Mamilivolti asanu pa volti iliyonse."

"Zoipa?"

"Ayi, zabwino."

Kenako lodi reguleshoni, ndiko kuona kuti zotuluka zimagwa bwanji katundu akayamba kukoka. Popanda katundu mita inaonetsa 15.06, katundu yense atalumikizidwa 14.97. Kusiyana kwake 0.09, tikagawa ndi 14.97 n'kuchulukitsa ndi 100, zikubwera 0.6 peresenti. Anandiyang'ana monyada.

"Ndiye reguleta yanga ilibe mlandu. Vuto lili m'mawaya a maikolofoni."

Ine ndinavomera, chifukwa manambalawo anali oona. Tinalumikiza zonse mushopu momwemo, tinamvetsera, kunali zii. Tinati mwina ndi mawaya a m'tchalitchi, mwina mababu aatali aja. Masabata otsatira tinathera pa zimenezo. Tinawotchereranso mapulagi onse, tinasintha waya wina, tinathimitsa mababu n'kuimbira kuwala kwa pawindo, tinachotsa laputopu pakhoma kuti iziyendera batire lake. Achimwene anafika poyeza magetsi olowa mu reguleta kwaya ikuimba. Ankadziwa kuti reguleta yawo imafuna kuti zolowa ziposeko zotuluka ndi mavolti awiri. Zikachepera apo, tiranzisita yaikulu imakhala yatsegula njira yonse, ilibenso poti ionjezere, ndipo zotuluka zimangotsatira zolowa. Mpata umenewu amautcha diropuauti. Kwa ife zinkatanthauza kuti zolowa zisatsike pansi pa 17. Mita inaonetsa 17.3.

"Waona? Zikukwana," anatero.

Lachisanu lililonse kung'ung'uza kunkabwera, ndipo Lachisanu lililonse ankati fufuta. Anthu a kwaya anayamba kutopa. Mayi wina wa asoparano, amene amatsika wapansi kuchokera pamsewu wa kuphiri atasenza dengu lake la mabulosi lopanda kanthu, anandikokera pambali n'kundifunsa, "Kodi asisi, phokoso lakelo ndi lalikulu bwanji? Ife kunyumba wailesi imalira ndi mphepo, timamverabe." 

Chimene chinandivutitsa maganizo n'chakuti m'mawa kunkakhala zii, madzulo kung'ung'uza. Tsiku lina ndinapempha kuntchito kuti ndibwereke osilosikopu, makina oonetsa maonekedwe a magetsi pagalasi, ndipo ndinainyamula pakabaza mpaka kutchalitchi, nditaikumbatira ngati khanda. Tinafika dzuwa likadalipo, kwaya isanabwere. Ndinagwiritsa pa kapasita. Pagalasi panaoneka mano a sowo: magetsi akukwera msanga, kutsika pang'onopang'ono, kukweranso, ka 100 pa sekondi. Zimenezo n'zachibadwa, kapasita imadzaza n'kumapungulidwa. Pa zotuluka mzere unali wowongoka.

Tinakhala pabenchi n'kumadikira. Kunja utsi unayamba kukwera m'makomo, ena akuyatsa mbaula, ena mahotipuleti. Mita ya pakhoma, imene masana inkaonetsa 230, inayamba kutsetsereka. Mano a sowo aja anatsika onse pamodzi. Itafika cha pa 215, mzere wowongoka uja unayamba kuboola timaenje, kamodzi pa dzino lililonse, ndipo m'mahedifoni kung'ung'uza kunadzuka.

Achimwene anayandikira galasi mpaka mphuno kutsala pang'ono kuligunda. Kenako anayamba kuwerengera mokweza, chala chili pa benchi.

"Pa 230, thiransifoma ikupereka 15. Nsonga yake 21.2. Madayodi awiri adyapo 1.4, kwatsala 19.8. Kapasita ndi ya 2,200, katundu theka la ampeya, ndiye pakati pa nsonga ndi nsonga igwa ndi mavolti ngati 2.3. Pansi pa dzino ndi 17.5. Tapulumuka ndi theka la volti." Anameza malovu movutikira. "Pa 215, thiransifoma 14. Nsonga 19.8, kuchotsa madayodi 18.4. Pansi pa dzino 16.1."

"Ndipo mita yanu imaonetsa zapakatikati," ndinatero. "17.3 ija."

"Imaonetsa zapakatikati. Reguleta sidya zapakatikati, imadya zimene zilipo nthawi yomweyo." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Ndinayesa kuyambira 18 kukwera m'mwamba, ndi magetsi osalala a pabenchi. Kumene imagwera sindinapiteko."

Manambala athu a m'mawa uja sananame. Amanena za reguleta ikakhala ndi mpata wake. Mpatawo ukatha, ngakhale kwa kanthawi kochepa pansi pa dzino lililonse, theka la peresenti lija silitanthauza kanthu. Zotuluka zinkagwa pafupifupi volti yathunthu ka 100 pa sekondi, ndipo maikolofoni ankakweza kugwako pamodzi ndi nyimbo.

Mankhwala ake oyamba anali apafupi. Achimwene anazula kapasita yaikulu, ya 10,000, mu ampulifaya yakufa imene inali pansi pa benchi lawo. Ndi imeneyo mano a sowo anafupika kufika theka la volti, ndipo pa 215 pansi pa dzino panali 17.9. Lachisanu lotsatira kunali zii. Koma tsiku limenelo kunali maliro kwa mmodzi wa abesi, ndipo theka la kwaya linali kumeneko. Amene anabwera anaimba nyimbo imodzi yokha imene inkatheka popanda abesi ambiri, yaifupi, ya ana. Achimwene anaimba nawo. Mawu awo anali atayamba kusasa m'mphepete, koma anali awo. Tinati zotsalazo sabata yamawa.

Sabata yamawayo anaitanidwa ku Blantyre kukayamba mankhwala. Ankapita ndi alamu, n'kubwera atafooka, osafuna ngakhale fungo la tiyi. Akayamba kupezako bwino, tsiku lobwerera linali litakwana. Mmene ankati tsopano ndingathe kuima kutsogolo kwa kwaya, nyengo yozizira inali italowa. Nkhungu inkatsika m'phiri masana n'kukuta Sadzi yense, ndipo madzulo aliyense wokhala ndi chotenthetsera madzi ankayatsa. Tinakumana m'tchalitchi titavala majuzi. Mita ya pakhoma inaonetsa 200.

Sindinafunikire osilosikopu. Pa 200, thiransifoma imapereka 13, nsonga 18.4, kuchotsa madayodi 17. Nsonga yeniyeniyo ndiyo inkangokhudza pamene reguleta imafuna, kwina konse kunali pansi. Kapasita ngakhale ikule bwanji singakweze magetsi kuposa nsonga. Kung'ung'uza kunabwerera, kocheperako kusiyana ndi kale, koma kulipo.

Ndinavula mahedifoni n'kupita pamene anakhala. Ndinalankhula motsitsa kuti kwaya isamve.

"Achimwene, tijambule choncho."

"Ayi."

"N'kochepa. Anthu sadzakumva n'komwe."

"Ine ndikukumva."

"Mawu anu akutha, achimwene. Simukudzimva? Mwezi wamawa mudzaimba ndi chiyani?"

Sindinawalankhulepo choncho chibadwire. Anandiyang'ana, maso atalowa m'kati chifukwa cha kuwonda, n'kunena kuti, "Moyo wanga wonse anthu akhala akundibweretsera mawailesi ong'ung'uza, ine n'kumawabwezera ali zii. Ndiye chinthu chimodzi chimene ndisiye changa chikhale chong'ung'uza? Iwe ukudziwa chochita. Chita."

Ananyamuka n'kuuza kwaya kuti lero tingoyeserera. Anayeserera nyimbo ziwiri, iwo akupereka mawu monong'ona, akutsokomola. Ine ndinatuluka panja n'kukaima kuseri kwa tchalitchi mpaka atamaliza.

Chochitacho ndinkachidziwadi. Batire la galimoto silikanathandiza, chifukwa limapereka mavolti 12 ndi pang'ono, ndipo reguleta ya mtundu uwu imangotsitsa, sikweza. Mabatire awiri olumikiza akanatha, koma kwathu kunali limodzi, ndipo amene ndinawapempha ankagwiritsa ntchito awo madzulo omwewo. Panafunika thiransifoma ya mavolti 18. Ndi imeneyo, ngakhale pakhoma patsike kufika 200, pansi pa dzino pakanakhala cha pa 20, mpata wokwanira bwino. Koma chilichonse chimene uwonjezera kumwamba chimathera mu tiranzisita yaikulu ija. Magetsi akakhala abwino, zolowa zikanafika 24. Kuchotsa 15 kwatsala 9, kuchulukitsa ndi theka la ampeya, mawati anayi ndi theka, kuwirikiza kawiri kutentha kwa kale. Kachitsulo koziziritsira kamene achimwene anaika sikakanapirira. Ndiponso kapasita ija inalembedwa kuti isapitirire mavolti 25, ndipo ife tikanakhala pamlomo penipeni. Panafunika ya 35.

Thiransifoma ndinaipeza kwa mnzawo wina wokonza ma TV pafupi ndi msika waukulu. Chitsulo choziziritsira ndinadula pa aluminiyamu wa makina ena otayidwa kuntchito, ndikupala ndi fayilo pa nthawi ya nkhomaliro. Kapasita ndiyo inavuta. M'Zomba monse munalibe. Ndinatumiza uthenga ku Limbe, inabwera yolakwika, ndinaibweza, ndinadikiranso. Masiku amenewo achimwene anasiya kupita kushopu. Ankamwa phala lamadzimadzi ndi supuni yaing'ono, ndipo nthawi zina ngakhale limenelo linkabwerera. Ndikapita kukawaona sitinkakamba za mkangano uja. Ankangofunsa ndi maso, ine n'kupukusa mutu.

Tsiku lina alamu anandiperekeza mpaka pamsewu. Anati, "Musawakwiyire. Usiku amagona akuyendetsa zala pabulangete, kuimbitsa kwaya. Akuopa kuposa mmene akuonetsera." Ndinawafunsa ngati angawanyengerere kuti tijambule ndi foni, pakhonde pomwepo, iwo okha akuimba liwu lililonse. Anati anayesa kale, ndipo anayankhidwa kuti adikire kabokosi.

Kapasita itafika ndinamanga zonse tsiku lomwelo, n'kunyamula kabokosi, mita ndi makina a pabenchi kupita nazo kwawo. Ndinawapeza pakhonde, pampando wa nsungwi, atafunda bulangete, akuwothera kadzuwa ka masana. Ndinayala zipangizo patebulo patsogolo pawo. Nkhope yawo inasintha. Anatambasula dzanja n'kugwira chitsulo choziziritsira, kuchitembenuza, kuona ngati ndapaka mafuta oyera odutsitsa kutentha pansi pa tiranzisita. Anagwedeza mutu.

Ulendo uno tinayamba ndi kumene reguleta imagwera. Ndinatsitsa zolowa pang'onopang'ono katundu ali pomwepo: 19, 18, zotuluka zili chiimire. Pa 17 zinayamba kutsetsereka. Anakweza zala ziwiri, mavolti awiri a mpata uja. Kenako ndinakweza kuchokera 18 mpaka 26, kupitirira pamene thiransifoma yatsopano ingafike. Zotuluka zinachoka pa 14.97 kufika 15.01. Ndinaona milomo yawo ikuyenda. Ndinawerama kuti ndimve.

"Theka," ananong'ona. "Theka la peresenti."

Zinalidi choncho, 0.04 kugawa ndi 8. Popanda katundu ndi pa katundu yense, kusiyana kunali komwe kuja. Tinalumikiza thiransifoma n'kusiya kabokosi kakuyaka mpaka dzuwa litalowa kuseri kwa phiri. Chitsulo chinafunda, koma dzanja linkapirira. Pakhoma panatsika kufika 203, ndipo m'mahedifoni munali zii. Ndinawaveka. Anamvetsera chetecho nthawi yaitali, maso ali otseka, ngati munthu akumva nyimbo yokoma. Atavula anandigwira pamkono. 

Lachisanu limenelo kwaya inabwera yonse, ngakhale amene anasiya kalekale. Abambo awiri ocheka matabwa anawanyamula achimwene ndi mpando womwe kuchokera pagalimoto mpaka kutsogolo. Anawaikira maikolofoni pafupi ndi pakamwa. Ndinayatsa zonse. Munalibe kung'ung'uza ngakhale pang'ono. Ndinkamva mpaka kupuma kwa anthu ndi kukhwekhwereza kwa masilipasi pasimenti.

Anakweza dzanja, kwaya inayamba. Anatsegula pakamwa pa liwu la atenala, ndipo m'mahedifoni ndinamva mpweya wokha. Anayesanso pa mzere wachiwiri. Mpweya, ndi kakhwiririti kochepa kumapeto. Anakankhira maikolofoni pambali ndi kuseri kwa dzanja, osayang'ana aliyense, n'kupitiriza kuimbitsa. Ena mwa amayi anaona, mawu awo anagwedera, koma dzanja lija linawabweza pamzere.

Tinajambula nyimbo zambiri tsiku limenelo, ndipo zinatuluka bwino. Vuto linabwera pa nyimbo ina imene anapeka matenda atangoyamba, imene anali ataphunzitsa kamodzi kokha. Asoparano ankaikumbukira, abesi ankaikumbukira, koma pakati pake pali malo pamene atenala amayenera kupatuka okha n'kukwera, ena onse atagwira liwu limodzi. Atafika pamenepo, atenala anangoti zii. Anayambiranso, anafika pomwepo, wina anayesa njira yake, achimwene anapukusa mutu. Wina anayesa ina, anapukusanso. Anawakodola kuti ayandikire. Anyamata akuluakulu anagwada mozungulira mpando, makutu ali pafupi ndi pakamwa pawo. Ndinkaona khosi lawo likukoka, mitsempha itaima. Anayesa kuimba muluzu, milomo inali youma. Anayesa kusonyeza ndi dzanja, kukwera apa, kutsika apa, koma dzanja silinena kuti ukwere mpaka pati. Pomaliza anagwetsa dzanjalo pabondo n'kuloza kuti tipite pa nyimbo ina.

Pobwerera m'galimoto anatsamira paphewa langa. Titatsala pang'ono kufika anandikoka kuti ndiwerame, ndipo ananong'ona kuti, "Zija tinafufuta zija."   Nyimbo ija inali m'gulu la zimene tinajambula tsiku loyamba, iwo akuimba liwu la atenala mokweza. Ndinafufuza mu laputopu usanathe mlungu, ndi mapulogalamu onse obwezera zofufutidwa amene ndinkawadziwa, koma malo ake anali atalembedwapo zina kalekale.

Anamwalira nyengo yotentha isanafike pachimake, kunyumba, alamu atawagwira dzanja. Pamaliro kwaya inaimba nyimbo zawo kuyambira kunyumba mpaka kumanda, kupatula imodzi ija.

Zimene tinajambula zilipo. Anthu amazitumizirana pafoni, ndipo ndamvapo zikulira m'minibasi yopita ku Chinamwali, woyendetsa osadziwa kuti mlongo wa mwini nyimbo wakhala kumbuyo kwake. Liwu lililonse limamveka palokha, monga ankafunira. Mawu awo ali mu nyimbo imodzi yokha, ya ana ija. Sindiimvera kawirikawiri. Alamu ndiwo amaiyatsa Lamlungu m'mawa akamasita.

Shopu tinatseka. Zipangizo zina ndinatenga, zina tinapatsa mnzawo uja wa ma TV. Mikisa ndi kabokosi kake zili kumpingo, ndipo zimagwira ntchito pa maukwati ndi pa misonkhano.

Mvula itayamba, amene anatenga udindo wophunzitsa kwaya, mphunzitsi wa kupulayimale, anandiimbira foni kuti ndipite ku mayesero. Ndinkaganiza kuti china chawonongeka, ndipo ndinanyamula mita. Nditafika ndinapeza atenala agawikana pawiri. Ankafuna kuimba nyimbo ija pa Khirisimasi. Ena ankati pamalo paja liwu limakwera kamodzi n'kukhala pomwepo, ena ankati limakwera, kutsika pang'ono, n'kukweranso. Aliyense ankalumbira kuti anamva ndi makutu ake.

"Inu munali ndi mahedifoni tsiku loyamba lija," anatero mphunzitsiyo. "Munawamva bwino kuposa tonsefe. Tiimbe njira zonse ziwiri, mutiuze."

Anaimba yoyamba. Anaimba yachiwiri. Zonse zinali zokoma, ndipo zonse zinkamveka ngati zingakhale zawo. Ndinatseka maso n'kuyesa kubwerera ku tsiku lija, achimwene ali kutsogolo, thukuta lili pamphumi. Ndinkawaona bwinobwino. Koma tsiku limenelo khutu langa linali pa kung'ung'uza, osati pa nyimbo.

Ndinawauza kuti sindikudziwa. Kenako mayi wa mabulosi uja anati nyimboyo ili ndi ndime ziwiri, ndiye ndime yoyamba aimbe njira iyi, yachiwiri njira inayo. Mphunzitsi anakweza dzanja, ndipo anayamba. Ine ndinabweza mita m'chikwama n'kukhala pabenchi lakumbuyo mpaka anamaliza.